Siginecha ya dijito pa fayilo ya PDF: mmene imagwirira ntchito ndi mmene mungaonere ngati wina wasintha chikalata

Tsiku lina m'mawa mayi amene amasunga ndalama pa ofesi yathu anandiitana. Pa sikirini yawo panali invoisi ya PDF yochokera ku kampani ina ya ku South Africa imene timaitanitsako zipangizo za chigayo. Ndalama yake inali R48,600. Pansi pa tsamba panali dzina la bwana wa kampaniyo ndi tsiku limene anasainira, ndipo zonse zinkaoneka zolongosoka.

"Achimwene, taonani apa," anatero akuloza ndi cholembera. "Nambala ya akauntiyi sindikuidziwa. Koma poti anasainira eni ake, ndiye kuti asintha banki?"

Eni ake anasainiradi. Koma nambala ya akaunti imene tinkaiona pa tsambalo sinali imene iwo anasainira. Zinthu ziwirizi zingathe kukhala zoona nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba malangizowa.

Zimene mukuona pa tsamba si siginecha

Anthu ambiri akati asainira PDF amatanthauza kuti ajambula siginecha yawo ya pamanja, aisikana, n'kuimata pa tsamba. Chimenecho ndi chithunzi basi. Mwana wa sukulu angathe kuchikopera n'kuchiika pa chikalata china, ndipo palibe angazindikire.

Siginecha ya dijito ndi masamu obisika mkati mwa fayilo. Kabokosi kamene kamaoneka pa tsamba, kokhala ndi dzina ndi tsiku, n'kongokudziwitsani kuti pena pake mkatimo muli siginecha. Fayilo ingathe kukhala yosainidwa bwinobwino popanda kabokosi n'komwe, ndipo ina ingathe kukhala ndi kabokosi kokongola koma mkati mulibe kanthu.

Masamuwo amayenda motere. Fayilo iliyonse ndi mndandanda wautali wa manambala ang'onoang'ono otchedwa mabaiti. Pulogalamu yosainira imawerenga mabaiti onsewo n'kutulutsa nambala imodzi yaifupi yotchedwa hashi. Njira yofala masiku ano ndi `SHA-256`, imene imatulutsa zilembo ndi manambala 64, kaya fayiloyo ndi ya tsamba limodzi kapena ya masamba 500. Mukangosintha baiti imodzi yokha, mwachitsanzo kusandutsa 4 kukhala 9, hashi yonse imasinthiratu.

Tsono wosainira ali ndi makiyi awiri apachibale. Kiyi wachinsinsi amakhala kwa iye yekha, nthawi zambiri m'kachipangizo kolowetsa pa kompyuta kapena pa makina otetezedwa a kampani yopereka masatifiketi. Kiyi wapoyera ndi woti aliyense amuone. Pulogalamu imatenga hashi ija n'kuidinda ndi kiyi wachinsinsi, ndipo chotulukapo ndiye siginecha. Imaikidwa mkati mwa PDF pamodzi ndi satifiketi, kachikalata kamene kali ndi kiyi wapoyera, dzina la mwini wake, masiku amene satifiketiyo iyenera kugwira ntchito, ndi siginecha ya bungwe limene linaipereka.

Inu mukatsegula fayiloyo, pulogalamu yanu imawerengetsanso hashi payokha, kenako imagwiritsa ntchito kiyi wapoyera kuona ngati siginecha ija ikugwirizana ndi hashi imene yapeza. Zikagwirizana, mabaiti amene anasainidwa ali mmene analili.

Gwirani bwino mawu akuti "mabaiti amene anasainidwa". Nkhani yonse ya invoisi ija yagona pamenepo.

Siginecha imaphimba pati mpaka pati

Siginecha singadzisainire yokha. Choncho pulogalamu imasiya mpata pakati pa fayilo woikamo siginechayo, n'kusainira za kumbuyo kwa mpatawo ndi za kutsogolo kwake. Malire ake amalembedwa m'fayilo momwemo, pa mzere wotchedwa `/ByteRange`, wokhala ndi manambala anayi. Wa invoisi yathu unali wotere:

```
/ByteRange [0 152300 168686 1204]
```

Tanthauzo lake ndi ili: yambira pa baiti 0, werenga mabaiti 152,300, dumpha mpata, yambiranso pa baiti 168,686, werenga mabaiti 1,204. Mukaphatikiza manambala awiri omalizawo mupeza 169,890. Umenewo ndiwo unali utali wa fayilo pa nthawi imene bwana uja ankasainira.

Komano PDF inakonzedwa mwakuti munthu angathe kuwonjezera zinthu kumapeto kwa fayilo osakhudza zakale. Izi si zolakwika. N'zimene zimathandiza kuti pangano limodzi lisainidwe ndi anthu atatu motsatizana: wachiwiri akamasainira, zake zimapita kumapeto, ndipo siginecha ya woyamba siiwonongeka. Kulemba m'mipata ya fomu ndi kuika ndemanga pa tsamba kumayendanso chimodzimodzi. Zili ngati kalata yomatidwa m'envelopu, wina n'kubwera kudzamata kapepala kake pamwamba pa envelopuyo. Envelopu sinatsegulidwe, koma maso anu akugwera pa kapepalako. Pulogalamu yowerengera PDF imasonyeza fayilo mmene ilili pamapeto, zakale ndi zowonjezera zitasanjikizana.

Ndiye mafunso oti mufunse fayilo yosainidwa ndi atatu. Kodi zimene zinasainidwa zasintha? Kodi pali chimene chinawonjezedwa pambuyo pake? Nanga kiyi amene anasainirayo ndi wa yani? Ambiri amalekera pa funso loyamba.

Sitepe 1: Pezani fayilo yeniyeniyo

Koperani fayilo kuchokera mu imelo n'kuisunga pa kompyuta mmene yabwerera. Yotumizidwa pa WhatsApp ngati chikalata imafika yosasintha, koma chithunzi cha sikirini chilibe ntchito. Fayilo imene wina waipulinta n'kuisikananso, kapena waidutsitsa pa `Print to PDF`, siginecha yake yapita, kwatsala chithunzi cha kabokosi kokha. N'chimodzimodzinso ndi mafayilo amene achepetsedwa kukula kapena kulumikizidwa ndi ena pa intaneti. Mukalandira yotere, pemphani yoyambirira, chifukwa palibe choti muyeze.

Sitepe 2: Itseguleni m'pulogalamu yodziwa kuyeza

Mapulogalamu ambiri a pa foni ndi oyendera pa intaneti amangosonyeza masamba, sayeza siginecha. Mayi aja anali atatsegula invoisiyo momwemo mu imelo, n'chifukwa chake panalibe chenjezo lililonse. Gwiritsani ntchito Adobe Acrobat Reader ya pa kompyuta, imene ndi yaulere, ndipo kompyuta ikhale pa intaneti kuti pulogalamuyo ithe kufunsa ngati satifiketi sinathetsedwe.

Onetsetsaninso kuti pulogalamuyo ndi yatsopano. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Ruhr ku Bochum, m'dziko la Germany, anaonetsa kuti mapulogalamu 21 mwa 22 amene anawayesa ankatha kupusitsidwa kuti avomereze PDF yosinthidwa. Opanga mapulogalamuwo anauzidwa kuti akonze, koma kompyuta imene yakhala zaka osalandira zokonzazo idakali ndi mabowo akalewo.

Sitepe 3: Werengani mzere wa pamwamba wonse

Fayilo ikakhala ndi siginecha yeniyeni, pamwamba pa tsamba pamatuluka mzere. Ukapanda kutuluka, ndipo `Signature Panel` ikakhala yopanda kanthu, ndiye kuti zimene mukuona pa tsamba ndi chithunzi chabe.

Mukaona `Signed and all signatures are valid`, masamu agwirizana ndipo satifiketi ndi yochokera ku bungwe limene pulogalamu ikulikhulupirira. `At least one signature is invalid` ndi chenjezo lalikulu: nthawi zambiri limatanthauza kuti zosainidwa zasinthidwa kapena fayilo yawonongeka, ndipo chikalata chotero musachigwiritse ntchito. Pakati pa ziwirizi pali `At least one signature has problems`, chimene kawirikawiri chimanena za satifiketi, osati za chikalata. Tifikako pa sitepe 5.

Titatsegula invoisi ija, mzere wake unati:

```
Signed and all signatures are valid, but with unsigned changes after the last signature.
```

Munthu wothamanga amawerenga theka loyamba n'kupuma. Theka lachiwirilo likuti pali zosintha zimene palibe anazisainira.

Sitepe 4: Onani chikalata mmene chinalili posainira

Apa ndi pamene ndikufuna mukhalitsepo, chifukwa sitepe imeneyi ndiyo imene anthu saidziwa, pomwe imatenga mphindi ziwiri zokha.

Dinani `Signature Panel`. Kumbali kutuluka mndandanda wa masiginecha, lililonse ndi nambala yake: `Rev. 1`, `Rev. 2`, motero. Futukulani siginecha imene mukuifuna. Mzere umene mukuufuna ndi wakuti `Document has not been modified since this signature was applied`. Ngati m'malo mwake akunena kuti pali zosintha, yang'anani m'munsi mwake, pamene pulogalamu imatchula mtundu wa zosinthazo. Kwa ife panalembedwa za ndemanga imene inaikidwa pa tsamba loyamba.

Kenako dinani `Click to view this version`, kapena dinani kumanja pa kabokosi ka siginecha n'kusankha `View Signed Version`. Pulogalamu idzatsegula windo lina losonyeza fayilo yodulidwa pamene siginecha inalekezera, yopanda chilichonse chobwera pambuyo. Ikani mawindo awiriwo pambalipambali, muyerekeze zinthu zimene wakuba angazifune: ndalama, nambala ya akaunti, dzina la wolandira, masiku, ndi chiwerengero cha masamba.

Tinachita zimenezo. M'windo la kumanzere munali akaunti yachilendo ija. M'windo la kumanja munali akaunti imene takhala tikulipirako zaka zonsezi. Mayi aja anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuwerenganso nambala ziwirizo mokweza, imodziimodzi. Titadina pa nambala yachilendoyo, panatuluka timizere tosonyeza m'mbali mwa kabokosi. Wina anali ataika kabokosi koyera pamwamba pa akaunti yeniyeni n'kulembamo yake, ndi zilembo zofanana ndi za tsamba lonse. Sanakhudze baiti ngakhale imodzi ya zosainidwa, n'chifukwa chake masamu ankagwirizanabe.

Zowonjezera sizikhala zachinyengo nthawi zonse. Pa pangano la anthu awiri, `Rev. 1` idzasonyeza kuti pambuyo pake panabwera siginecha ina, ndipo n'zoyenera. Chofunika n'chakuti siginecha yomaliza iphimbe fayilo yonse, ndiponso muone chimene chinasintha pakati pa siginecha ina ndi inzake. Wosainira wachiwiri angathe kusintha kanthu asanasainire, ndipo woyambayo sanavomereze zimenezo. Aliyense amayankha pa zokhazo zimene zili m'gawo lake.

Kwa amene amagwiritsa ntchito Linux, pali kapulogalamu kotchedwa `pdfsig`, kamene kamabwera ndi `poppler-utils`:

```
pdfsig invoisi.pdf
```

Mwa zimene kanatulutsa, mizere itatu iyi ndiyo inali ndi nkhani:

```
- Signed Ranges: [0 - 152300], [168686 - 169890]
- Not total document signed
- Signature Validation: Signature is Valid.
```

Fayilo yopanda zowonjezera imasonyeza `Total document signed`. Yosinthidwa mkati mwa zosainidwa imasonyeza `Digest Mismatch.` pa mzere womalizawo. Mungathenso kuyeza nokha ndi manja:

```
stat -c %s invoisi.pdf
head -c 169890 invoisi.pdf > yosainidwa.pdf
```

Lamulo loyamba linatiuza kuti fayilo ili ndi mabaiti 173,415. Mukachotsapo 169,890 patsala 3,525, mabaiti amene palibe anawasainira. Lamulo lachiwiri limadula fayilo pa malire a siginecha n'kukupatsani chikalata chenichenicho. Mabaiti ochepa chonchi akanatha kutisowetsa R48,600.

Sitepe 5: Fufuzani mwini kiyi

Tiyerekeze kuti palibe chasintha ndipo palibe chowonjezera. Simunamalizebe. Wakuba wochenjera angathe kusintha invoisi yonse, kuchotsa siginecha yakale, n'kusainiranso ndi kiyi wake. Aliyense angathe kudzipangira satifiketi pa kompyuta yake n'kulembapo dzina lililonse, ngakhale la bwana wa banki. Masamu adzagwirizana, poti iye ndiye wasainira.

Mu `Signature Panel` dinani `Certificate Details`. Onani dzina la mwini satifiketi ndi mzere wa `Issued by`, wonena amene anaipereka. Dzina likakhala lomwelo m'malo onse awiri, satifiketiyo ndi yodzipangira. Kumbali kwa windolo kumaoneka mndandanda wa masatifiketi, wina kuchitira umboni mnzake, mpaka kukafika ku bungwe lalikulu. Acrobat Reader imakhulupirira mabungwe amene ali pa mndandanda wa Adobe wotchedwa AATL, ndiponso amene ali pa mindandanda yovomerezeka ya mayiko a European Union. Satifiketi ikakhala yosachokera kumeneko, mudzaona `Signature validity is UNKNOWN`, pamodzi ndi mawu akuti wosainirayo sakudziwika.

Uthenga umenewu sutanthauza kuti pali chinyengo. Mabungwe ambiri ang'onoang'ono, ngakhalenso maboma ena, ali ndi masatifiketi awoawo amene sali pa mindandanda ija. Pulogalamu ikungonena kuti iyo singakuchitireni umboni, ndiye umboniwo muupeze nokha.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti anthu ambiri akaona chenjezoli amapita pa `Trust`, n'kudina `Add to Trusted Certificates`, chizindikiro n'kusanduka chobiriwira, iwo n'kukhutira. Pamenepo simunayeze kanthu. Mwangouza kompyuta yanu kuti izikhulupirira munthu amene simukumudziwa, lero ndi masiku onse akubwera. Musanadine batani limenelo, pitani pa `Details`, pezani mzere wa `SHA1 digest`, umene uli ngati chidindo cha chala cha satifiketiyo. Imbirani foni mwini wake pa nambala imene munali nayo kale, osati imene yalembedwa m'chikalatacho kapena mu imelo yomweyo, ndipo muwapemphe akuwerengereni wawo. Zilembo zonse zikafanana, mungathe kuikhulupirira, ndipo mafayilo ena onse ochokera kwa iwo adzayezedwa ndi satifiketi imeneyo.

Ngakhale chizindikiro chikhale chobiriwira, werenganibe dzina. Satifiketi yovomerezeka ya munthu wina wosakhudzidwa ndi kampani imene mukuchita nayo malonda imabiriwiranso chimodzimodzi. Pomaliza onani pa `Revocation`, pamene pamanena ngati satifiketi inathetsedwa, monga zimachitikira kiyi akabedwa kapena wantchito akachoka.

Sitepe 6: Tsiku

Ngati tsiku losainira lili ndi kanthu pa nkhani yanu, monga pa tenda yopikisanira ntchito kapena pa pangano lokhala ndi malire a nthawi, onani kumene tsikulo lachokera. Mawu akuti `Signing time is from the clock on the signer's computer` akutanthauza kuti ndi wotchi ya wosainirayo, imene angathe kuibweza m'mbuyo. Mawu akuti `The signature includes an embedded timestamp` akutanthauza kuti bungwe lina lapadera linadinda nthawiyo ndi kiyi wake. Masatifiketi a anthu amatha ntchito pakapita chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu, choncho pa chikalata choti chisungidwe nthawi yaitali yang'ananinso mzere wakuti `Signature is LTV enabled`. Umasonyeza kuti umboni wonse wofunika poyeza unaikidwa m'fayilo momwemo, kuti idzayezekebe satifiketi itatha kale.

Zimene siginecha singakuuzeni

Siginecha siibisa chikalata, aliyense woipeza fayilo angathe kuiwerenga. Sinenanso ngati zolembedwazo n'zoona. Ndipo imangotsimikiza kuti kiyi wakutiwakuti ndiye anagwiritsidwa ntchito, osati dzanja limene linamugwira. Bwana akasiya kachipangizo kake m'dirowa, pasiwedi atailemba pa kapepala pambali pake, aliyense wa mu ofesimo angathe kusainira m'dzina lake, ndipo masitepe onse asanu ndi limodzi adzadutsa bwino.

Palinso msampha wa inu osainira. Mu 2020 gulu lomwe lija la ku Bochum linaonetsa njira ina: munthu amakukonzerani chikalata chokhala ndi zobisika mkati, inu n'kusainira zimene mukuziona, iye n'kudzaonetsa zobisikazo pambuyo ndi kusintha kochepa. Choncho chikalata chofunika chimene wina wakutumizirani kuti musainire, chipangeninso kukhala PDF yatsopano kuchokera pa kompyuta yanu ngati n'kotheka. Mukakhala wosainira womaliza, chongani `Lock document after signing`, kuti chosintha chilichonse chobwera pambuyo chizichititsa siginecha kuoneka yolakwika.

Izi n'zimene tinapempha kampani ija masana a tsiku lomwelo. Mayi aja anaimba pa nambala imene inali m'buku lawo lakale, ndipo a kumeneko anatsimikiza kuti sanasinthe banki. Atafufuza anapeza kuti wina analowa mu imelo ya wantchito wawo mmodzi, ndipo ankagwira mainvoisi asanatumizidwe kwa makasitomala. Fayilo yachinyengoyo tinaisunga osaisintha, pamodzi ndi imelo imene inabwera nayo, n'kuwatumizira kope kuti apereke ku banki yawo. Ndalama tinalipira ku akaunti imene inali m'windo la kumanja. Invoisi yotsatira inabwera yokhoma, ndipo mayi aja anaitsegula okha mu Acrobat Reader, n'kudina `Click to view this version` asanandiitane.